Gemu ikamadukiza mu kafe yanu, musathamangire kugula makompyuta atsopano

Ndi Lachisanu, nthawi yangokwana 6 koloko madzulo, ndipo mipando yonse khumi yadzaza. Anyamata asanu akhala mondondozana kumbali ya khoma, ali pakati pa nkhondo ya Dota 2. Mpando wa pakona ukungotsala pang'ono kuzizira pamene mnyamata wina akulowa, akulipira ola limodzi, n'kutsegula gemu yomwe palibe waigwira kwa milungu iwiri. Gemuyo ikuyamba kudzikokera apudeti. Pasanathe mphindi, uko kukhoma kwabuka phokoso: "Akulu, netiweki! Tikufa kuno!" Mmodzi akumenya mawusi patebulo, wina akuti mumubwezere ndalama zake.

Mwini kafe akafika pamenepa amaganiza zinthu ziwiri: kuti intaneti yake ndi yochepa, kapena kuti makompyuta ake akalamba. Zonse ziwiri zimafuna ndalama zambiri, ndipo nthawi zambiri si pamene pali vuto. Kompyuta ya kunyumba ili ndi mwini mmodzi ndipo siilimbirana intaneti ndi anthu khumi. Ya mu kafe imagwiridwa ndi manja ambiri pa tsiku, aliyense n'kusiyamo zake. Choncho ntchito yanu yagona pa zinthu ziwiri: pasapezeke munthu mmodzi wodya intaneti yonse, ndiponso kasitomala aliyense apeze kompyuta ili momwe inu munaisiyira. Koma musanakonze kalikonse, yambani mwadziwa chimene chikudwala.

Matenda awiri ofanana nkhope

Osewera akati gemu ikudukiza, amatchula ndi mawu amodzi matenda awiri osiyana. Oyamba ali m'kompyuta momwemo. Gemu ndi zithunzi zosinthana mofulumira, ndipo nambala yotchedwa FPS imanena kuchuluka kwa zithunzi zomwe kompyuta ikujambula pa sekondi imodzi. Pa 60 maso amaona zinthu zikuyenda myaa. Ikatsika kufika pa 25, chithunzi chonse chimanjenjemera, ngakhale kungotembenuza mawusi kumalemera.

Matenda achiwiri ali panjira. Nambala ya ping imanena nthawi imene uthenga umatenga kuchoka pa kompyuta yanu, kukafika ku seva ya gemu, n'kubwerera. Amaiyeza mu milisekondi, ndipo milisekondi 1,000 ndi sekondi imodzi. Ping ikakwera, chithunzi chimakhala chosalala ndithu, koma mdani amaima, kenako n'kutulukira pena, ndipo chipolopolo chomwe waombera chimapita pachabe.

Magemu ambiri amatha kuonetsa manambala awiriwa pakona ya sikirini. Ayatseni pa makompyuta onse ndipo akhale choncho. Munthu akadandaula, pitani mukayang'ane. FPS ikagwa ping ili phee, vuto lili pa mpando umenewo. Ping ikalumpha pa mipando ingapo nthawi imodzi, musiyeni kompyutayo, pitani ku rauta.

Pali kuyeza kwina kosavuta. Tsegulani Command Prompt kawiri, kwina mulembe mzere woyambawu, kwina wachiwiri. Adiresi yoyambayo ndi ya rauta. Ngati yanu ndi ina, ikani yanuyo.

```
ping -t 192.168.1.1
ping -t 8.8.8.8
```

Rauta ili m'nyumba mwanu momwemo, choncho pa waya iyenera kuyankha mu milisekondi imodzi kapena kuchepera. Ikamachedwa kapena kulemba `Request timed out`, vuto lili mkati: waya, pulagi yake, kapena bokosi logawira mawaya. Rauta ikamayankha bwino koma mzere wachiwiri ukukwera, vuto lili pa khomo lotulukira kunja.

Pali gawo la ping lomwe palibe angalichotse, ndilo mtunda. Kuwala kumayenda m'waya wa faiba pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi imodzi. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg, kumene kuli maseva a Dota 2 ndi Counter-Strike 2, ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndiye kupita ndi kubwera sikungachepere milisekondi 15 ngakhale waya ukanakhala wowongoka ngati chingwe cha mmisiri. Ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000, kutanthauza milisekondi 80, ndipo poti mawaya enieni amazungulira, nambala yeniyeni imaposa pamenepo kwambiri. Tsono m'gemu iliyonse yolola kusankha dera, sankhani South Africa. Kasitomala wosewera pa seva ya ku Ulaya muuzeni zoona, kuti kuchedwa kumeneko si kwa kafe yanu.

Mzere wa pachigayo

Tibwerere kwa anyamata athu aja. Tiyerekeze kuti kafeyi imalandira mamegabiti 50 pa sekondi ndipo imatumiza 10. Gemu ya pa intaneti, ikangoyamba kuseweredwa, sidya zambiri: nthawi zambiri sifika ngakhale megabiti imodzi pa sekondi. Osewera khumi sangamalize mamegabiti 50. Nanga afera chiyani?

Ganizirani za pachigayo. Mtsikana wabwera ndi kabeseni ka mphale, kogaya mphindi ziwiri zokha. Koma patsogolo pake pali bambo wa ngolo amene wandandalika matumba khumi. Chigayo chili bwinobwino, mphamvu chili nazo, koma mtsikanayo adikira mpaka matumba onse atatha. Timauthenga ta gemu ndi kabeseni kaja. Apudeti ndi matumba aja. Pulogalamu yokoka zinthu pa intaneti inapangidwa kuti izitenga liwiro lonse lomwe yapeza, ndipo njira ikadzaza, rauta kapena zipangizo za kampani ya intaneti zimaunjika mauthenga pamzere. Mzerewo ukakhala ndi katundu wa megabaiti imodzi pa njira yotumizira ya mamegabiti 10, uthenga wofika kumbuyo udikira milisekondi 800, pafupifupi sekondi yathunthu. M'gemu ya mfuti imeneyo ndi imfa. Akatswiri vutoli amalitcha `bufferbloat`, ndipo kasitomala mmodzi wotumiza vidiyo yaukwati kwa m'bale wake angalibweretse yekha.

Muone nokha m'mawa kafe isanatsegulidwe. Siyani `ping -t 8.8.8.8` ikuyenda, ndipo pa kompyuta ina yambani kukoka fayilo yaikulu. Ngati nambala inali 40 n'kulumpha kufika 300 kapena 500, matenda mwawapeza. Kuwonjezera liwiro la intaneti kumangochepetsa nthawi imene matumba akhale pamzere, koma pamene alipo, kabeseni kadikirabe.

Mankhwala ake ndi rauta yodziwa kusamala mzere, yokhala ngati wogayitsa wanzeru amene amati: thumba limodzi la bambo, kenako kabeseni ka mwana, kenako thumba lina. Pa rauta yoyendera OpenWrt mumaika pulogalamu ya `luci-app-sqm` n'kusankha `cake`. Marauta a MikroTik oyendera RouterOS 7 nawonso ali ndi CAKE. Chinsinsi chake ndi chakuti muiuze rauta liwiro locheperako kuposa lenileni, pakati pa 85 ndi 95 pa 100 aliwonse, kuti mzere uzipangika mu rauta yanu momwe mungaulamulire, osati kwa kampani. Yezani liwiro madzulo, nthawi ya piringupiringu, osati m'bandakucha. Pa kafe yathu ija, 90 pa 100 imatipatsa izi, mu makilobiti:

```
option download '45000'
option upload '9000'
option qdisc 'cake'
option script 'piece_of_cake.qos'
```

Pali kanthu kena koyenera kuwonjezera. Steam ikamakoka gemu imatsegula njira zambiri nthawi imodzi, ngati munthu woimika ana ake asanu pamzere kuti alandire kasanu. Kuti rauta izigawa powerenga makompyuta osati njirazo, pitani pa zosankha zakuya za SQM, mulembe `nat dual-dsthost` kumbali yolandirira ndi `nat dual-srchost` kumbali yotumizira. Mukatero bwerezani kuyeza kuja. Ping iyenera kukwera pang'ono chabe pamene fayilo ikukokedwa. Ikakwerabe kwambiri, tsitsani manambala aja ndi magawo asanu pa 100, muyezenso.

Malire ake ndi awa. Njirayi imagwira bwino pa intaneti ya liwiro lokhazikika, monga faiba. Pa intaneti ya simukhadi kapena ya setilaiti liwiro limakwera ndi kutsika, ndipo likatsika kupitirira nambala yomwe munalemba, mzere umabwerera kwa kampani. Pamenepo lembani nambala yoyandikira liwiro la nthawi yoipa, ngakhale zikuwawa kutaya lotsalalo. Komanso karauta kotsika mtengo kwambiri kakhoza kulephera ntchitoyi liwiro likapitirira mamegabiti 100, chifukwa pulosesa yake ndi yaing'ono.

Makompyuta osewerera onse akhale pa waya wa Cat5e kapena Cat6, osati pa wayifayi, chifukwa mpweya umagawanidwa ndi foni iliyonse yolowa pakhomo. Waya wa gigabiti umafuna timawaya tonse tisanu ndi titatu ta mkati mwake. Kamodzi kakaduka chifukwa chopondedwa ndi mwendo wa mpando, kompyuta nthawi zambiri imatsikira pa mamegabiti 100 osanena kanthu. Yang'anani pa zoikamo za netiweki mu Windows: pazilembedwa `1000/1000 (Mbps)`.

Apudeti ilowe kamodzi, usiku

Rauta yabwino imateteza osewera, koma mnyamata wa pakona uja akadali ndi dandaulo: walipira ola kuti aziyang'ana kamzere kakuyenda. Tiwerengere limodzi. Apudeti ya magigabaiti 20 ndi mamegabiti 160,000. Pa liwiro la 50 imatenga masekondi 3,200, omwe ndi mphindi 53. Makompyuta khumi akakoka iliyonse payokha, ndi magigabaiti 200 ndi maola pafupifupi asanu ndi anayi. Koma apudeti yomweyo ikachoka pa kompyuta ina ya m'nyumba momwemo kudzera pa waya wa gigabiti, imatha m'mphindi zochepa, malinga disiki ikhale yofulumira.

Kuyambira 2023, Steam ili ndi njira imeneyi. Pa `Settings`, pansi pa `Downloads`, yatsani `Game File Transfer over Local Network` pa makompyuta onse, ndipo muloleze kuti igawire aliyense, osati akaunti yanu yokha. Kenako sankhani kompyuta imodzi, monga ya pa kauntala, ikhale nkhokwe: izikoka maapudeti yoyamba, enawo azitapa kwa iyo. Nkhokweyo iyenera kukhala yoyaka, Steam ili yotsegula, ndipo isakhale ikusewera gemu kapena kukoka china pa nthawiyo. Pa tsamba lomwelo zimitsani `Allow downloads during gameplay`, ndipo pa `Schedule auto-updates` ikani maola amene kafe imakhala yotseka.

Windows nayo ili ndi khalidwe lomwelo. Pa `Delivery Optimization` lolani kuti makompyuta azigawana maapudeti a m'nyumba mokhamokha, osati ndi makompyuta a kunja, chifukwa kugawira anthu akunja kumadya njira yanu yotumizira, yomwe ndi yopapatiza kale.

Kompyuta izidzuka yatsopano

Tsopano tifike pa mpando umene FPS yagwa. Choyamba kuchikayikira ndi zimene kasitomala wapita uja wasiya. Wina anaika pulogalamu yokokera mafilimu yomwe imadziyatsa yokha. Wina anakweza zokongoletsa za gemu mpaka pamapeto kuti aone kuwala kwa madzi. Wina anayesa kapulogalamu kobera gemu, komwe kanabwera ndi vayirasi. Simungathamangitsane ndi munthu aliyense, choncho konzani kuti kompyuta iziiwala.

Kasitomala asamalowe ngati `Administrator`. Mupatseni akaunti wamba, ndipo mawu achinsinsi a akaunti yaikulu akhale anu nokha. Kenako gawani disiki pawiri. Pa `C:` pakhale Windows ndi mapulogalamu, pa `D:` pakhale mafayilo a magemu. Mbali ya `C:` muiumitse ndi pulogalamu monga Deep Freeze kapena Reboot Restore Rx. Ntchito yake ndi yakuti chilichonse cholembedwa pa `C:` chimafufutika kompyuta ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Mbali ya `D:` musaiumitse, apo ayi apudeti ya magigabaiti 20 ija izifufutika tsiku lililonse. Steam yeniyeniyo ikhale pa `C:` kuti dzina ndi akaunti ya kasitomala zizichoka naye limodzi, ndipo lamulo la pa kauntala likhale lakuti munthu akanyamuka, kompyuta iyambitsidwenso wina asanakhale.

Kuumitsa kuli ndi misampha iwiri imene imakola ambiri. Woyamba ndi wa Windows Update: imakoka apudeti masana, usiku kompyuta n'kuiwala, mawa n'kukokanso yomweyo, tsiku ndi tsiku. Mukaona makompyuta onse akudya intaneti m'mawa uliwonse popanda wowagwira, ndi umenewu. Apudeti ya Windows izichitika pa nthawi yokonza yokha, disiki itamasulidwa. Deep Freeze ili ndi ndandanda yochitira zimenezi yokha.

Msampha wachiwiri ndi wobisika. Gemu ikakumana koyamba ndi utsi, moto kapena malo atsopano, khadi la zithunzi limayamba lakonza kajambulidwe kake, ndipo pa kanthawi ameneko chithunzi chimagwira. Zokonzedwazo zimasungidwa kuti mawa zisabwerezedwe. Pa makhadi a NVIDIA, zambiri zimasungidwa pa `C:`. Mukaumitsa disiki nkhokwe imeneyi ili yopanda kanthu, kasitomala aliyense amakhala ngati woyamba kusewera. Chizindikiro chake ndi chakuti gemu imagwiragwira m'mphindi zoyambirira, kenako n'kusalala, ndipo mukayambitsanso kompyuta zimabwerera. Choncho musanaumitse, lowani pa akaunti ya makasitomala, tsegulani gemu iliyonse yotchuka, sewerani mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Bwerezani zimenezi nthawi iliyonse mwasintha dalaivala wa khadi la zithunzi, chifukwa dalaivala watsopano amataya zosungidwa zakale.

Disiki idakali yomasuka, malizani zina zitatu. Pa `Advanced display` onani kuti sikirini ikuyenda pa liwiro lake lenileni, poti masikirini ambiri a 144 Hz amangokhala pa 60 chigulireni. Mu `Task Manager` zimitsani mapulogalamu odziyatsa okha omwe simukuwafuna. Ndipo lembani lamulo ili kuti Windows isamabweze mphamvu za pulosesa pofuna kusunga magetsi:

```
powercfg /setactive SCHEME_MIN
```

Kutentha ndi fumbi

Pali kudukiza kwina komwe kumadziwika ndi nthawi yake. Gemu imayamba bwino, koma pakatha mphindi makumi awiri kapena atatu FPS imatsika ndipo sikweranso. M'mawa kulibe vuto, masana a Okutobala ndiye mavuto. Kumeneku ndi kutentha. Mapulosesa ambiri a Intel amadzibweza liwiro akayandikira madigiri 100, ndipo makhadi ambiri a NVIDIA amayesetsa kusapitirira madigiri 83 podzichepetsa mphamvu. Kompyuta imasankha kuchedwa m'malo mopsa.

Pulogalamu ya HWiNFO imaonetsa kutentha kumeneku. Isiyeni yotsegula, wina asewere theka la ola, muone nambala yapamwamba imene yafika. Mukatsegula bokosi mudzapeza chimene chachititsa: pakati pa fani ndi timapepala tachitsulo ta pa pulosesa pamakhala fumbi logwirana ngati bulangeti, lotha kulisenda ndi chala. M'nyengo ya fumbi pemererani mabokosi mwezi uliwonse, panja, mutazula magetsi, chala chili pa fani kuti isazungulire molusa. Bokosi lisakhale pansi pomwe amasesa, ndipo kumbuyo kwake kukhale mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchoka kukhoma. Ngati mwayeretsa koma pulosesa ikutenthabe, phala lija limakhala pakati pa pulosesa ndi chitsulo choziziritsa lauma, ndipo likufunika latsopano.

Njira ina yochepetsera moto ndi kuika malire a FPS. Sikirini ya 60 Hz singaonetse zithunzi 300 pa sekondi, koma khadi limavutika kuzijambula. Osewera a magemu amfuti amakonda nambala yoposa ya sikirini chifukwa mawusi amamveka opepuka, choncho musaitsitse kwambiri. Mu Counter-Strike 2 ndi Dota 2, `fps_max 120` ndi poyambira pabwino pa sikirini ya 60 Hz. FPS ya 120 yokhazikika imakoma kuposa yolumpha pakati pa 250 ndi 70.

Mukachita zonsezi, ndi pamene mungadziwe ngati pakufunikadi kugula kanthu. Tsegulani `Task Manager` gemu ili mkati. Disiki ikamakhala pa 100 peresenti ndipo ndi ya mtundu wakale wozungulira, gulani SSD. Memore ikadzaza, kwezani ifike magigabaiti 16, ndipo ikhale timitengo tiwiri tofanana ta 8, chifukwa tiwiri timagwira ntchito mothandizana, makamaka pa kompyuta yopanda khadi lapadera la zithunzi. Musaiwale kabatire ka UPS pa rauta ndi bokosi logawira mawaya: magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, rauta yomwe inazima imatenga mphindi zingapo kuti idzuke.

Sankhani m'mawa umodzi pa mlungu, monga Lachinayi, kuti Lachisanu likupezeni mwakonzeka. Masulani madisiki, nkhokwe ikoke maapudeti, enawo atape, sewerani gemu iliyonse pang'ono, umitsaninso. M'kope la pa kauntala lembani za mpando uliwonse: FPS pa gemu imodzi yomweyo ndi malo amodzi omwewo, kutentha kwapamwamba, ndi ping. Mpando nambala 7 ukalemba madigiri 78 mwezi uno, 85 mwezi wamawa, mwauona usanadwale, ndipo mukaupemerera Lachinayi lomwelo, mnyamata wa Lachisanu asanaukhale.